Logibuku ya pa atachimenti: kulemba zoti injiniya asayine mosakayika

"Ndinathandiza kuthira konkire." Mawu amenewa ali m'malogibuku ambirimbiri a ophunzira za uinjiniya, ndipo nthawi zambiri tsiku lathunthu limathera pomwepo. Mawa lake mupeza "ndinapitiriza kuthira konkire", mkuja "ndinali pa saiti". Wophunzirayo sananame ayi. Analidi pamenepo, dzuwa linamuwotcha, nsapato zinadzaza simenti. Koma injiniya amene wapatsidwa bukulo kuti asayine amangoliyang'ana cholembera chili m'manja, chifukwa palibe chimene angachigwire. Konkire ya chiyani? Mbali iti ya nyumba? Yochuluka bwanji? Kuthandizako kunali kukankha wilibala, kuyeza, kapena kuima pamthunzi n'kumaonerera?

Ophunzira za uinjiniya ku MUBAS mu Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi m'makoleji a ntchito zamanja amatumizidwa ku makampani kuti akaone ntchito yeniyeni asanamalize sukulu. Nthawi imeneyi onse amaitchula kuti atachimenti. Amapita ndi logibuku, buku lolembamo ntchito ya tsiku ndi tsiku, lomwe woyang'anira wa kukampani amasayina ndipo mphunzitsi wa kusukulu amadzaliwerenga popereka malikisi. Bukuli limalembedwa m'Chingerezi, koma vuto lake si chilankhulo. Vuto n'lakuti ophunzira ambiri sadziwa chimene siginecha ya injiniya imatanthauza.

Injiniya akasayina tsamba, akuchitira umboni kuti zolembedwazo zinachitikadi ndipo kuti wophunzirayo anachitadi zimene akunena. Dzina lake ndi limene waika pachiswe. Munthu ameneyu amasayinanso mapulani ndi zikalata zolipirira kontilakitala, choncho anazolowera kusasayina chinthu chimene sangachitsimikize. Pa saiti amakhala ndi ntchito yothina, ndipo mlungu ukatha sakumbukira zimene mwana wa sukulu ankachita Lachiwiri masana. Ndiye tsamba labwino ndi lija lomukumbutsa tsikulo ndi kumulozera pomwe angakaone umboni: nambala ya pulani, dzina la folomani amene analipo, chiwerengero chofanana ndi chimene chili m'buku la kampani. Akapeza zimenezo amasayina msanga. Akapanda kuzipeza amanena kuti "ubwere nalo mawa", ndipo mawa limenelo limatha kufika atachimenti itatha.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze wophunzira wa zomangamanga amene ali pa nyumba yosanja ikumangidwa m'nyengo ya dzinja. Lachitatu pa 8 Januwale akuthira silabu ya chipinda cham'mwamba, yotalika mamita 10, mulifupi mamita 6, yochindikala mamilimita 150. Pulani ikufuna konkire ya C25. Konkireyo akusakaniza pomwepo ndi mikisala, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 nthawi iliyonse. Wophunzira wathu wapatsidwa ntchito yoyeza kufewa kwa konkire, komwe pa saiti amati silampu, ndi kupanga makiyubu okayezetsa ku labotale.

Silampu ndi mayeso osavuta kuwaona. Pali chitsulo chonga ndowa yopanda pansi, chotalika mamilimita 300, kukamwa kwake kwa pansi mamilimita 200, kwa pamwamba 100. Amathiramo konkire magawo atatu, gawo lililonse n'kulibaya ndi ndodo yachitsulo maulendo 25. Akasalaza pamwamba amachinyamula pang'onopang'ono, konkire ija n'kutsika yokha. Kutsikako ndiko amakuyeza. Ikatsika kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti madzi achuluka, ndipo konkire yochuluka madzi imauma yofooka. Pa ntchito yathuyi tinene kuti injiniya walola silampu ya pakati pa mamilimita 50 ndi 100.

Tsiku limeneli, lolembedwa moyenera, lingaoneke chonchi:

"8 Januwale, 7:30 mpaka 16:00. Kuthira silabu yam'mwamba, mizere A mpaka C, pulani nambala S-04. Konkire C25, makiyubiki mita 9, matumba a simenti 65. Tisanathire ndinayenda ndi a folomani kuona zitsulo: Y12 zotalikirana mamilimita 200; ndinayeza malo asanu ndi tepi, onse anagwirizana ndi pulani. Ndinayeza silampu ndekha katatu: 8:10, mamilimita 70, 10:40, mamilimita 80, 13:20, mamilimita 140. Mvula inagwa kuyambira 12:15 mpaka 12:50, mchenga unanyowa. Ndinauza a folomani za silampu yachitatu. Anachepetsa madzi kuchoka pa malita 25 kufika pa 21 pa thumba, silampu yotsatira inali mamilimita 85. Konkire yofewayo inali itathiridwa kale pakona ya mzere C, pafupi ndi masitepe. Ndinapanga makiyubu asanu ndi limodzi a m'mawa, S1 mpaka S6, ndi atatu a konkire yofewa, S7 mpaka S9. Kugwiritsa ntchito vayibuleta ndinangoonerera."

Kulemba zimenezi sikungatenge mphindi khumi ndi zisanu ngati manambala analembedwa kale pa saiti. Taonani zimene injiniya angachite nazo. Matumba 65 angawatsimikize kwa wosunga sitolo. Mamita 10 kuchulukitsa ndi 6 kuchulukitsanso ndi 0.15 akupereka 9, ndipo angawerengere m'mutu. Mvula ija akuikumbukira. Makiyubu ali m'thanki ya madzi ndi manambala awo. Mzere uliwonse uli ndi poupondera, ndipo n'chifukwa chake dzanja lake silizengereza.

Chiganizo chomaliza chija, chonena kuti vayibuleta anangoonerera, ndimachiona kukhala chofunika kuposa zonse. Ophunzira amakonda kubisala m'mawu akuti "tinachita". Tinayeza, tinathira, tinakonza. Kodi ndani? M'logibuku muyenera kuoneka kusiyana pakati pa zinthu zitatu: zimene munaonerera, zimene munachita wina akukugwirani dzanja, ndi zimene munachita nokha. Wophunzira amaopa kuti akalemba "ndinaonerera" aoneka waulesi. Si choncho. Mlungu woyamba munthu amayenera kuonerera. Chimene mphunzitsi amafuna kuona ndi ulendo: mu Januwale munkaonerera silampu, mu Febuluwale munkayeza a folomani ali pambali, pofika Malichi mukuyeza nokha ndipo mukutha kuona ndi maso kuti konkire yafewa musanaiyeze n'komwe. Buku lodzaza ndi "tinachita" kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza silionetsa ulendo umenewu. Komanso injiniya woona mtima sangasayine tsamba limene likupatsa mwana wa sukulu ntchito imene akudziwa bwino kuti anagwira ndi mmisiri wina.

Nkhani ya silabu yathu sinathere pa 8 Januwale, ndipo apa ndi pamene malogibuku ambiri amataya ulusi. Makiyubu amachotsedwa m'zikombole mawa lake, n'kusungidwa m'madzi. Ena amakaswedwa pa makina pakatha masiku 7, ena pakatha masiku 28. Ndiye pa 15 Januwale ndi pa 5 Febuluwale payenera kukhala zolemba zobwerera ku tsiku lothira lija, zotchula tsamba lake. Kiyubu iliyonse ndi ya mamilimita 150 mbali zonse, choncho nkhope imene makina amapanikiza ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, zomwe ndi 22,500. Mphamvu ya konkire imapezeka pogawa katundu amene waswa kiyubu ndi nambala imeneyi.

Tinene kuti pa masiku 7 makiyubu S1, S2 ndi S3 asweka pa 405, 420 ndi 390 kN. Wophunzira alembe manambala atatu onsewo, kenaka kuwerengera kwake: 405,000 kugawa ndi 22,500 ndi 18.0, enawo 18.7 ndi 17.3, pakatikati pake 18.0 N/mm². Pa masiku 7 konkire ya simenti wamba imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake ya masiku 28, ndiye 18 ndi chizindikiro chabwino kwa konkire yofunika kufika 25. Mawu amenewa alembedwenso, chifukwa akuonetsa kuti wophunzirayo akumvetsa tanthauzo la nambala, sanangoikopera pa pepala la ku labotale.

Pa 5 Febuluwale makiyubu a m'mawa otsalawo apereka pafupifupi 28, zomwe zili bwino. Koma S7 mpaka S9, a konkire yofewa ija, asweka cha pa 495 kN, kutanthauza 22, pansi pa 25. Tsopano injiniya ali ndi funso lalikulu: konkire yofookayo ili pati m'silabu yonseyi? Padutsa masabata anayi, amisiri ena anachoka, ndipo palibe amene akukumbukira bwinobwino. Yankho lili pa tsamba la 8 Januwale: pakona ya mzere C, pafupi ndi masitepe, itangodutsa 1 koloko masana. Injiniya angathe kupita pakona imeneyo, kuyeza ndi hamala yoyezera kulimba kwa konkire kapena kuboola kachidutswa kokayezetsa, n'kuwerengeranso ngati malowo angasenze katundu wake, m'malo mokayikira silabu yonse. Chigamulo ndi cha injiniya, osati cha wophunzira, ndipo logibuku inene momveka kuti amene anagamula ndani komanso anagamula zotani. Koma tsamba la tsiku limenelo palibe injiniya amene angazengereze kulisayina.

Taonaninso kuti wophunzira uja analemba nambala yoipa. Silampu ya 140 inali kunja kwa malire, ndipo mtima umafuna kuisiya kuti tsiku lioneke loyera. Ena amafika posintha nambala kuti igwirizane ndi zofunika. Chimenechi ndi chizolowezi choopsa kwambiri chimene munthu angachitenge pa atachimenti, chifukwa nyumba siimira pa zimene zalembedwa koma pa konkire imene inathiridwa. Woyang'anira wodziwa ntchito amakayikira buku limene manambala ake onse ndi okongola. Silampu yomwe ili 75 tsiku lililonse, m'mawa ndi masana, mvula kapena dzuwa, imaonetsa kuti munthu sanayeze.

Manambala otere sangasungike m'mutu mpaka madzulo, ndipo logibuku yeniyeni siyenera kupita pamene pali fumbi la simenti ndi madzi. Njira yake ndi kukhala ndi kabuku kakang'ono ka m'thumba ndi pensulo, popeza inki imafalikira ikanyowa. Mukangoyeza, lembani nthawi, malo ndi nambala musanachite china. Madzulo a tsiku lomwelo, osati Lamlungu usiku, mukhale pansi n'kusamutsira m'logibuku. Zithunzi za pa foni zimathandiza chifukwa zimasunga tsiku ndi nthawi, bola mwapempha chilolezo choyamba. Makampani ena salola kujambula pa ntchito yawo. Buku lolembedwa mlungu wonse nthawi imodzi limadziwika. Inki imakhala imodzi, kalembedwe n'kofanana kopanda kusintha, masiku amafanana ngati mapasa, ndipo posakhalitsa pamapezeka tsiku limene wophunzira "anathira konkire" pomwe buku la kampani likunena kuti mikisala inali yowonongeka. Tsiku limodzi lotere limachititsa woyang'anira kukayikira masamba ena onse.

Mukalakwitsa polemba, musafafanize ndi utoto woyera uja ndipo musang'ambe tsamba. Jambulani mzere umodzi pa nambala yolakwikayo kuti izionekabe, lembani yolondola pambali, ikani zilembo zoyamba za dzina lanu ndi tsiku. Mmenemu ndi mmene amakonzera zolemba za ku labotale ndi za pa saiti, kuti aliyense aone chimene chinasinthidwa. Nambala iliyonse ikhalenso ndi muyeso wake. "Silampu 8" ingakhale masentimita kapena mamilimita, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Nanga masiku opanda ntchito? Alipo ndithu. Mvula imagwa tsiku lonse, magetsi amazima, dizilo amasowa, galimoto ya miyala imachedwa. Musapeke ntchito. Lembani kuti ntchito inaima, chifukwa chake, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji. Kenaka lembani chimene munachita ndi nthawiyo, ngati chilipo chenicheni: mwina munatenga pulani ya zitsulo za bimu n'kuwerengera utali wa chitsulo chilichonse, n'kupeza kuti nambala yanu ikusiyana ndi ya pa ndandanda, a injiniya n'kukuonetsani kuti simunachotsere malo a konkire yokuta chitsulo. Tsiku lotere lili ndi phunziro kuposa masiku ena othamangathamanga. Ngati palibe chimene munachita, mizere iwiri yoona ndi yokwanira.

Mabuku ambiri amakhala ndi malo olembamo zimene mwaphunzira, ndipo pamenepa m'pamene pamadzaza mawu opanda kanthu: "ndinaphunzira zambiri zokhudza konkire", "ndinaphunzira kufunika kogwirira ntchito limodzi". Mawu otere angalembedwe ndi munthu amene sanafikeko pa saiti. Wophunzira wathu ali ndi chenicheni cholemba: mchenga wonyowa umabwera ndi madzi akeake m'mikisala, choncho mvula ikagwa madzi othira ayenera kuchepetsedwa, ndipo silampu iyenera kuyezedwa pa konkire yoyamba kutuluka mvula itangokata, isanathiridwe. Chiganizo chimodzi chotere chimalumikiza zimene anamva m'kalasi, za kuchuluka kwa madzi poyerekeza ndi simenti, ndi zimene manja ake anagwira. Funso limene silinayankhidwe lilembedwenso. Limapatsa woyang'anira poyambira akafika polemba ndemanga yake, ndipo ndemanga yoyankha funso imakhala ndi nzeru kuposa "wachita bwino".

Tsopano za kusayinitsa kwenikweniko. Nkhaniyi ikambidwe mlungu woyamba, osadikira kuti masamba achuluke. Wophunzira angafunse mwaulemu kuti, "Bwana, kodi logibuku ndizikupatsirani tsiku liti? Lachisanu m'mawa zingatheke?" Funsani kuti woyenera kusayina ndani, chifukwa amene mumayenda naye tsiku ndi tsiku akhoza kukhala folomani kapena tekinishani pomwe sukulu ikufuna siginecha ya injiniya. Zikakhala choncho, pemphani amene anaona ntchitoyo kuti aike zilembo za dzina lake pambali pa tsikulo. Injiniya akaona kuti folomani wake wavomereza kale, mtima umakhala pansi. Mlungu umodzi ndi utali wabwino: masamba ndi ochepa, zinthu zidakali m'mutu, ndipo ngati pali cholakwika pa kalembedwe kanu mumachidziwa msanga. Wobwera ndi masabata khumi ndi awiri tsiku lomaliza akupempha munthu kuti achitire umboni zinthu zimene anaiwala kalekale, ndipo mwina woyang'anira woyambayo anasamutsidwira ku ntchito ina ku Mzuzu.

Popereka bukulo, lichepetseni ntchito. Ikani kapepala pa tsamba loyambira, lembanitu dzina ndi udindo wa wosayina pamalo pake, masiku akhale otsatana bwino, ndipo malo otsala pansi pa zolemba za tsiku muwatseke ndi mzere wopingasa kuti pasadzaonjezedwe kanthu siginecha itaikidwa kale. Mapepala a umboni, monga kope ya zotsatira za ku labotale, apatsidwe manambala n'kutchulidwa m'zolembazo. Chojambula chapamanja, ngakhale chosakongola, chosonyeza mizere A mpaka C ndi kona imene inalandira konkire yofewa, chimanena zambiri kuposa ndime yathunthu.

Pali zina zosayenera kulowa m'logibuku. Mitengo imene kampani inapambanira ntchito, malipiro a anthu, mikangano ya kontilakitala ndi mwini nyumba, zonsezi ndi zinsinsi za eni ake, ndipo bukuli lidzawerengedwa ndi anthu akunja. Musalembenso moloza chala. "A folomani anawononga konkire" ndi chiweruzo, ndipo palibe woyang'anira angasayine pansi pake. "Silampu inali 140 mvula itagwa, madzi anachepetsedwa kufika malita 21" ndi zimene zinachitika, ndipo aliyense amene analipo angavomereze.

Zimachitika kuti woyang'anira awerenga mzere wina n'kunena kuti, "Apa ayi, izi sunachite wekha." Musakangane ndipo musafufute. Dulani mzerewo, lembani zolondola, iye asayine pambali. Mphunzitsi wa kusukulu akadzafika pa saiti amatsegula tsamba lililonse limene wafuna n'kufunsa kuti mufotokoze. Amene analemba kuti anayeza silampu yekha afunsidwa kuti konkire amaithira magawo angati ndipo amabaya kangati. Tsamba lokonzedwa poyera siliopsa pa nthawi imeneyo. Loopsa ndi lija lonena zinthu zimene mwini wake sangazifotokoze ndi pakamwa.

Atachimenti isanathe, onetsetsani kuti chidindo cha kampani chadindidwa paliponse pamene sukulu ikufuna, chifukwa kubwereranso kudzafuna chidindo mutachoka kumadya ndalama za thiransipoti ndi masiku. Jambulani masamba onse osayinidwa n'kusunga makope anu musanapereke bukulo kusukulu, popeza mwina simudzalionanso. Lipoti lomaliza la atachimenti limachokera m'masamba amenewa, ndipo amene analemba manambala ndi malo amapeza kuti theka la lipotilo analemba kale. Mtsogolo, pofuna kulembetsa ngati injiniya wovomerezeka ku bungwe la Malawi Engineering Institution, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, mudzafunikanso kuonetsa ntchito zimene mwagwira mutamaliza sukulu, udindo wanu pa ntchitozo, ndi injiniya amene angakuchitireni umboni. Kalembedwe kake n'komweka: ntchito yanji, kuti, yaikulu bwanji, inu munachitapo chiyani, ndipo anaona ndani.